Mapazi akamachita dzanzi, musathamangire foliki asidi

Ngati akuuzani kuti magazi ndi ochepa, komanso mapazi akuchita dzanzi kapena mukudzandira mukamayenda mumdima, musangogula mapiritsi a foliki asidi. Pemphani achipatala ayeze kukula kwa maselo ofiira, pa pepala amalemba MCV. Ikapitirira 100, ayezenso vitamini B12 musanayambe mankhwala.

Chifukwa chake n'chakuti foliki asidi payekha amatha kukonza magazi, munthu n'kumva bwino, pomwe kusowa kwa B12 kukupitirizabe kuwononga minyewa, ndipo mukachedwa dzanzilo nthawi zina silitheratu. Amene amwa metifomini wa shuga kwa zaka zambiri, okalamba, ndi osadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka asamale kwambiri. Masamba ali ndi foleti, yemwe ndi foliki asidi wachilengedwe, koma B12 mulibe. Ngati m'mimba simukuyamwa B12, kawirikawiri amapereka jakisoni.