Chenjerani ndi chilembo cha s pa mapulogalamu a seva yanu

Inu amene mukusamala seva ya Linux, lembani lamulo ili muone chimene lituluke:

```
ls -l /usr/bin/passwd
-rwsr-xr-x 1 root root ... /usr/bin/passwd
```

Pamalo pamene munazolowera kuona x, pa zilolezo za mwini fayilo, pali s. Chimenecho ndiye setuid, ndipo m'manambala zilolezo zimenezi zimalembedwa 4755. Nthawi zonse pulogalamu imagwira ntchito ndi mphamvu za munthu amene waitsegula, koma ikakhala ndi s imatenga mphamvu za mwini fayiloyo. Apa mwini wake ndi root, amene palibe chomuletsa pa kompyutapo.

Chifukwa chake n'chomveka. Mawu achinsinsi a anthu onse amasungidwa mobisika mu /etc/shadow, ndipo munthu wamba saloledwa kulembamo. Komabe aliyense ayenera kutha kusintha ake. Ndiye passwd imabwereka mphamvu za root kwa kanthawi, n'kuyang'ana amene waitsegula, n'kusintha mzere wake yekhayo. Linux imasunga manambala awiri pa pulogalamu imene ikuyenda: ya amene waitsegula, ndi ya amene mphamvu zake zikugwira ntchito. Setuid imasintha yachiwiriyo. Anayambitsa njirayi ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970.

Vuto n'lakuti Linux siiuza pulogalamu kuti mphamvuzi uzigwiritse ntchito pa chakuti chokha. Imangopereka zonse. Zili ngati kupatsa mlonda makiyi a nyumba yonse kuti atsegule chipinda chimodzi. passwd inalembedwa mosamala podziwa zimenezi, pomwe mapulogalamu ambiri sanalembedwe choncho.

Tiyerekeze kuti wogwira naye ntchito akudandaula kuti find ikumukaniza kuona m'mafoda ena, inu n'kumuthandiza mwachidule ndi `chmod u+s /usr/bin/find`. Dandaulo latha ndithu. Koma find ili ndi `-exec`, imene imatsegula pulogalamu ina iliyonse, ndipo yotsegulidwayo imalowa mphamvu zomwezo. Tsopano munthu aliyense wa akaunti pa sevayo akhoza kulemba izi:

```
find /etc/passwd -exec id \;
```

Yankho lidzaonetsa uid yake ya masiku onse, koma pambali pake padzakhala euid=0(root), kutanthauza kuti nambala yachiwiri ija tsopano ndi ya root. Mukaona zimenezo dziwani kuti m'malo mwa id akanatha kuikapo lamulo lowerenga /etc/shadow, kapena lodzipangira akaunti ina. Safunsidwa mawu achinsinsi, ndipo palibe chimene chimalembedwa monga mmene sudo imalembera amene wachita chiyani. Ngozi yomweyi ili pa cp, vim, python ndi china chilichonse chotha kulemba fayilo kapena kutsegula pulogalamu inzake. Ine ndimati wofuna mphamvu pa ntchito imodzi mupatseni mzere mu sudoers wotchula lamulo lonse ndendende, osati s.

Ngakhale mapulogalamu obwera kale ndi s amalakwika. Mu Januwale 2022 a kampani ya zachitetezo ya Qualys anaulula cholakwika cha pkexec, pulogalamu yoyendetsera lamulo ndi mphamvu za munthu wina monga root, chotchedwa PwnKit kapena CVE-2021-4034, chimene chinakhalamo kuyambira 2009. Munthu wamba ankatha kukhala root nacho. Amene sakanatha kuika pkexec yokonzedwa msanga analangizidwa kungochotsa s ndi `chmod 0755 /usr/bin/pkexec`. Cholakwikacho chimatsalamo, koma chimasowa mphamvu zoti chibe.

Choncho dziwani mafayilo onse a s amene muli nawo:

```
find / -xdev -type f -perm -4000 2>/dev/null
```

`-xdev` imachititsa kuti find isalowe m'madisiki ena, ndiye ngati /home ili payokha, bwerezani lamuloli kumeneko. Sungani mndandandawu seva ikadali yatsopano, muzifananiza nawo pakapita nthawi. passwd, su, sudo ndi mount n'zoyembekezeka ndipo musazikhudze. Mukachotsa s pa sudo imakana kugwira ntchito, ndipo mukhoza kudzitsekera kunja. Zokayikitsa ndi zimene zili mu /tmp kapena /home, makamaka kope la bash, chifukwa akuba akalowa amakonda kusiya lotere kuti adzabwerere. Funsani `dpkg -S` pa Debian ndi Ubuntu, kapena `rpm -qf` pa Red Hat, kuti fayiloyo inabwera ndi chiyani. Ikakhala yopanda kochokera, chotsani s ndi `chmod u-s`, koma musaifufute musanafufuze amene anaiika ndi pamene analowera.

Madisiki osungira zinthu za anthu, komanso mafulashi, muziwalumikiza ndi `nosuid` mu /etc/fstab, kuti Linux isalabadire s iliyonse ya pamenepo. Ndipo ngati munaika s pa fayilo yoyamba ndi `#!/bin/bash` n'kudabwa kuti sikusintha kanthu, palibe chawonongeka. Linux imanyalanyaza dala setuid pa mafayilo otere.