Kalembedwe ka sitepe iliyonse pofufuza njira yachidule ndi ndondomeko ya Dijkstra

Ophunzira ambiri amene ndimawathandiza amaimva bwino ndondomeko ya Dijkstra ikamafotokozedwa pabolodi, koma mukawapatsa pepala kuti aitsate okha, amasokonekera asanafike pakati. Masamu ake sachita kuvuta ayi, ndi kuwonkhetsa ndi kuyerekeza manambala awiri basi. Chimene chimawagwetsa ndi kalembedwe. Amafufuta nambala yakale, kulembapo ina, kenako osadziwanso kuti inachokera kuti. Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: labala muike kutali. Sitepe iliyonse ipatseni mzere wakewake.

Mwini wake wa ndondomekoyi, Edsger Dijkstra wa ku Netherlands, anaiganiza mu 1956 ku Amsterdam, funso lake lili lakuti njira yachidule yochokera ku Rotterdam kupita ku Groningen ndi iti. Anaisindikiza mu 1959. Iye ananena kuti inamutengera mphindi ngati 20, alibe pepala kapena pensulo. Ife tisatengere zimenezo, tizilemba.

Tiyeni tigwire chitsanzo chongopanga cha malo asanu. A ndi kunyumba, B ndi kuchigayo, C ndi pamjigo, D ndi kusukulu, ndipo E ndi kumsika. Nambala ya msewu uliwonse ndi mphindi zimene munthu amatenga pa njinga, ndipo misewu yonse njoyendeka kupita ndi kubwera.

```
A-B 7   A-C 3   C-B 2   C-D 9
B-D 4   B-E 10  D-E 3
```

Musanayambe, jambulani tebulo loti malo aliwonse akhale ndi danga lake. Pamene mukunyamukira, pa A, lembani 0. Malo ena onse alembeni ∞, kusonyeza kuti njira yofikira kumeneko sitinaidziwe. Nambala zimenezi nzongogwirizira, zikhoza kutsika tikapeza njira yabwinopo. Malo amene nambala yake yakhazikika timati tawatseka.

Ntchito yake imangobwerezabwereza. Mwa malo osatseka, sankhani amene ali ndi nambala yochepetsetsa, muwatseke. Kenako yang'anani misewu yonse yochoka pamenepo kupita kumalo osatseka. Pa msewu uliwonse, wonkhetsani nambala ya malo mwangotsekawo ndi nambala ya msewuwo. Zotsatirazo zikachepa kuyerekeza ndi zomwe zili mu tebulo, lembani zatsopanozo pamodzi ndi chilembo cha malo amene mwadzera. Zikapanda kuchepa, kopani zakale mmene zilili.

Timayamba ndi kutseka A. Kuchoka pakhomo, B ndi mphindi 7, C ndi mphindi 3, ndiye timalemba 7A ndi 3A. Tsopano pakati pa 7, 3 ndi ∞ yochepa ndi 3, choncho wotsekedwa ndi C. Apa ndi pamene muyenera kuchita chifatse. Kuchoka pamjigo kupita kuchigayo ndi mphindi 2, koma simulemba 2 ayi, chifukwa mwawononga kale mphindi 3 kuti mufike pamjigopo. Zonse pamodzi ndi 5, ndipo 5 ndi yochepa kuposa 7 uja. Kulambalala kudzera pamjigo kukufulumira kuposa msewu wolunjika kuchigayo. B asanduka 5C. D amapeza nambala yake yoyamba, 3 kuphatikiza 9, imene ndi 12C.

Wotsatira ndi B, pa 5. Kuchoka kuchigayo, D amatsika kuchoka pa 12 kufika pa 9, ndipo E amapeza 15. Tikatseka D pa 9, E amatsikanso kufika pa 12. Tebulo lonse limaoneka chonchi, nyenyezi ikusonyeza malo otsekedwa, ndipo chilembo cha kumanzere kwa mzere uliwonse ndi malo amene tatseka pa sitepeyo:

```
      A    B    C    D    E
-     0    ∞    ∞    ∞    ∞
A     0*   7A   3A   ∞    ∞
C     0*   5C   3A*  12C  ∞
B     0*   5C*  3A*  9B   15B
D     0*   5C*  3A*  9B*  12D
E     0*   5C*  3A*  9B*  12D*
```

Nambala 12 ikukuuzani nthawi, koma njira yeniyeniyo ili mu zilembo. Iwerengeni chobwerera. E tinafikako kudzera ku D, D kudzera ku B, B kudzera ku C, C kuchokera ku A. Ndiye ulendo wake ndi A, C, B, D, E. Wonkhetsani misewu yake, 3 ndi 2 ndi 4 ndi 3, mupeza 12 yemweyo. Amene salemba zilembo amafika kumapeto ali ndi nambala yolondola koma osatha kuloza njira, ndipo pamayeso malikisi amathera pomwepo.

Taonaninso mzere wa B mu tebulomo. E waonekera kale ndi 15. Ambiri amangoti tafika kumsika, nkutseka kope. Kulakwa kumeneko. Malo kupeza nambala si kutsekedwa. Mungathe kusiya pokhapokha pamene malo mukupitawo asankhidwa kukhala ochepetsetsa mwa osatseka onse.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutseka malo motsatira zilembo, kuti pambuyo pa A pabwere B. Tiyeni tichitsate tione kumene chimatifikitsa. Mukatseka B ali pa 7, D amapeza 11 ndipo E amapeza 17. Mukabwera kudzatseka C, mupeza kuti B akanakhala 5, koma mwamutseka kale. D amakhalabe pa 11 chifukwa 12 sachepa. Mapeto ake E amathera pa 14, yankho looneka ngati labwinobwino koma lolakwika ndi mphindi ziwiri.

Mungazigwire bwanji? Yang'anani nambala zimene mwatsekera malo, kuyambira pamwamba kutsika mmunsi. Mu tebulo lolondola ndi 0, 3, 5, 9, 12. Zikhoza kufanana koma sizibwerera pansi. Mu lolakwika lija ndi 0, 7, 3, ndipo kutsika kuchoka pa 7 kufika pa 3 kukukuuzani mzere weniweni umene munaphonya. Njira ina ndi kuyesa msewu uliwonse mukamaliza: kusiyana kwa nambala za malo awiri olumikizana kusapose nambala ya msewu wawo. B pa 7 ndi C pa 3 akusiyana ndi 4, pamene msewu wawo ndi wa mphindi 2 zokha. Pamenepo pali vuto.

Malo awiri akakhala ndi nambala yochepetsetsa yofanana, sankhani aliwonse, nthawi yake idzatuluka yomweyo ngakhale njira ingasiyane. Ine ndimati tengani chilembo choyamba ndipo mulembe pambali kuti mwatero, kuti wochonga asadabwe.

Chifukwa chimene timatsekera malo ochepetsetsa mopanda mantha nchakuti njira ina iliyonse yofikirako iyenera kudutsa kaye pamalo osatseka, amene nambala yake ndi yofanana kapena yokulirapo, ndipo msewu wotsalawo ungangowonjezera. Mfundo imeneyi imagwa pakakhala msewu wa nambala yochepera 0. Yesani misewu yolowera mbali imodzi iyi: A kupita ku B ndi 2, A kupita ku C ndi 5, C kupita ku B ndi -4. Ndondomekoyi itseka B pa 2, pamene kudzera ku C ndi 1. Mukaona nambala yotere pa funso, ya Dijkstra musaigwiritse ntchito, tengani ndondomeko ina yofufuzira njira yachidule yotchedwa Bellman-Ford.

Mukafuna kudziyesa, tengani chitsanzo chomwechi munyengo ya mvula, matope atachedwetsa msewu wa C-B kufika pa mphindi 6. Jambulani tebulo latsopano kuyambira pamwamba. B akhalabe pa 7A chifukwa 9 sachepa, D athera pa 11B, ndipo kumsika mufika pa mphindi 14 osadutsanso pamjigo.