Mmene ndinathanirana ndi anankafumbwe

Chaka chatha ndinasunga chimanga m'masaka wamba, patatha miyezi itatu ndikapisa dzanja ndikungotapa fumbi lokhalokha, zinandiwawa kwabasi. Chaka chino ndagula matumba osalowa mpweya aja a PICS, mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja.

Chimangacho ndinayanika kaye mpaka njere kumalira khe ndikailuma, chifukwa chonyowa chimachita nkhungu mkatimo ngakhale thumba likhale labwino bwanji. Kenako ndinafinya mpweya wonse nkumanga pulasitiki iliyonse payokhapayokha, kupotokola kukamwa nkupinda, osathira mankhwala ayi. Anankafumbwe amatha okha mpweya wotsalawo nkufa.

Thumba limodzi linabooledwa ndi khoswe, limenelo ndiye linafumbwa. Panopa ndimasanja pamatabwa, osagunditsa khoma, ndipo sinditsegula chisawawa.