Kugawa malangizo a mlimi kukhala masilaidi

"Mlimi wina wandipatsa malangizo 20 okhudza kasungidwe ka chimanga m'ndime imodzi yaitali. Ndiwagawe bwanji kukhala masilaidi?"

Choyamba, lembani langizo lililonse pamzere wakewake, ndipo paliponse pamene pali mawu akuti "komanso" onetsetsani ngati sipakubisala mfundo ziwiri. Chiganizo chakuti "yanikani chimanga mpaka chiume komanso muthire mankhwala a nankafumbwe" ndi masilaidi awiri, chifukwa kuyanika ndi kuthira mankhwala zimachitika masiku osiyana.

Kenaka phatikizani malangizo obwerezabwereza, otsalawo muwasanje monga momwe ntchito imayendera: kukolola, kuyanika, kutonola, kupeta, kuthira mankhwala ndi kusanja matumba pathandala. Alimi amalankhula m'mene zabwerera m'mutu, choncho musatsatire ndondomeko yawo.

Mu PowerPoint, dinani New Slide pa mfundo iliyonse. Mutu ukhale chochita chenichenicho, monga "Matumba asagunde pansi", ndipo m'munsi mwake muikemo chithunzi chimodzi ndi chifukwa chake mwachidule, chakuti chinyontho chimaoletsa chimanga. Nkhani zina zimene mlimiyo anafotokoza zipite ku Notes.

Pomaliza, muwerengereni mlimiyo silaidi iliyonse, makamaka ya mlingo wa mankhwala, womwe uyenera kufanana ndi wolembedwa papaketi.