Makwerero otsamira khoma lokhakhala

*Kuno ku Zomba tikuphunzira za makwerero otsamira khoma lokhakhala. Ndijambule bwanji mphamvu zake?*

Choyamba, jambulani makwererowo paokha, ndipo muike kulemera W pakati, kuloza pansi. Pamene akhudza nthaka ikani N₁, mphamvu imene nthaka imakankhira makwerero, yoloza kumwamba ndi kukhuzana F₁ koloza kukhoma, ndipo pakhomapo ikani N₂ yochoka kukhoma ndi F₂ yoloza kumwamba, muvi umene ambiri amauiwala.

Kenako lembani F₁ = N₂ ndi N₁ + F₂ = W, ndipo muwerengere mphamvu zozungulitsa pa phazi la makwerero. Zosadziwika ndi zinayi pomwe masamu ndi atatu, choncho pakufunikanso F = μN, pomwe μ ndi nambala yosonyeza kukhakhala kwa malo okhuzanawo, koma imalowa pokhapokha makwerero atatsala pang'ono kuterereka. Pa nthawi imeneyo, ngati W = 100 N ndipo μ = 0.5 konsekonse, N₁ = 80 N, N₂ = 40 N, F₂ = 20 N.