Masewera a Pamphasa kwa Mwana Amene Akuchira Matenda Aatali

Mwana amene wagona masabata angapo amafooka manja, msana ndi miyendo, ndipo ngakhale maso ake atayamba kuwala, mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono. Chimene ndimachiona kawirikawiri m'midzi ya kuno ku Angoniya ndi chakuti makolo amalakwitsa mbali ziwiri: ena amamugoneka tsiku lonse m'nyumba yamdima, pamene ena amamulola kuthamanga ndi anzake tsiku loyamba limene wapempha nsima. Masewera ayenera kuyezedwa ndi mphamvu zimene mwanayo ali nazo tsiku limenelo.

Tiyerekeze ndi mtsikana wa zaka 6 wa ku Ulongwe amene watuluka m'chipatala atadwala chibayo. Masiku oyamba mumukhazike motsamira khoma, mutapinda bulangete kumsana kwake, ndipo muike lichero pamiyendo pake kuti likhale ngati tebulo. Thiranimo nyemba zosakaniza zodzaza dzanja limodzi, iye azipatula zofiira ndi zoyera uku akuwerenga mokweza. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono, komabe imalimbitsa zala, imazolowetsa msana kukhala tsonga, ndipo imamukumbutsa masamu amene anawasiya kusukulu. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira, kawiri kapena katatu pa tsiku, kenako agone. Mng'ono wake wosakwana zaka 3 asayandikire licherolo, chifukwa nyemba imatsamwitsa ndipo imalowa mosavuta m'mphuno.

Popeza nthendayo inali ya m'chifuwa, ikani nthenga yotsukidwa bwino ya nkhuku palichero lopanda kanthu, ndipo aziiuzira mpaka igwere mbali ina. Kuuzirako kumamuchititsa kupuma mozama osadziwa kuti akuchita zolimbitsa thupi. Auzire kasanu n'kupumula, chifukwa akapitiriza amamva chizungulire.

Akayamba kukhala yekha osatsamira, mubweretsereni dongo aumbe ng'ombe ndi timiphika, malinga asambe m'manja ndi sopo asanadye. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, choncho mphasa muitulutse pakhonde dzuwa likakwera, kutali ndi utsi wa kukhitchini, umene umautsa chifuwa. Madzulo agogo amuponyere zilapi ndi nthano, pakuti zimenezi zimafuna khutu lokha pa nthawi imene thupi latopa.

Mudzadziwa kuti mwapyola muyezo ngati mwanayo akutuluka thukuta, akunyanyuka popanda chifukwa, manja akunjenjemera, kapena akukana phala limene dzulo anamwa. Zikatero, mawa lake chepetsani nthawiyo ndi theka. Koma thupi likatenthanso, akayamba kubanika ali phee, kapena kunsi kwa nthiti kukamalowa mkati pamene akukoka mpweya, kumeneko si kutopa ndi masewera ayi. Siyani zonse ndipo mubwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga khadi lake ndi mankhwala amene akumwa.