Firiji ya amayi ikulira ku Blantyre, inu muli kunja: muyambire pati?

Uthenga umafika usiku: "Mwanawe, firiji ija ikulira, sitikugona. Wokonza akuti gasi watha." Musanatumize ndalama, dziwani kuti kutha kwa gasi kumaonekera pa kusazizira kwa firiji, osati pa phokoso. Ngati nyama ikuumabe bwino, vuto kawirikawiri ndi fani kapena kanthu kena kamene kakhwefuka, ndipo mutha kulipeza muli ku Joni komweko poimba foni ya vidiyo.

Umu ndi m'mene ndinachitira ndi amayi anga ku Chilomoni. Ndinapempha mlongo wanga aime pafupi ndi firiji pamene inkalira, kenako atsegule chitseko cha firiza. Atangotsegula, phokoso lija zii. Atatseka, linayambiranso. Zikatero, wolakwa ndi fani ya mkati, yomwe imakhala kuseri kwa chivindikiro cha pulasitiki kumapeto kwa firiza ndipo imakankhira mpweya wozizira m'firiji monse. M'mafiriji ambiri fani iyi imaima chitseko chikatseguka. Pofuna kutsimikiza, dinani kabatani ka pachitseko chitsekocho chili chotsegula, ndipo mudzamva kulirako kukutuluka mkati mwenimweni.

Tsono mvetserani kaliridwe kake. Kulira kwa khokhokho, ngati kapepala kokhula masipoko a njinga, ndi mapiko a fani akumenya madzi oundana. Ndizo zinali kwathu. Tinasamutsira ndiwo kwa aneba, nkuzula pulagi, nkusiya zitseko zotsegula maola 24, pansi titayala nsanza. Ndinawauza amayi kuti, "Chonde musagobe ndi mpeni," chifukwa ukaboola kapaipi, pamenepo ndiye gasi amathadi. Titayatsa, inali chete. Koma patapita milungu iwiri inayambiranso. Kubwerera koteroko kumatanthauza kuti madzi akuundananso pa fani: mwina hita yomwe imawasungunula yafa, mwina kabowo kotulutsira madzi katsekeka, mwina mphira wa pachitseko ukulowetsa mpweya. Tinapanikiza pepala pachitseko nkulikoka. Linasololoka mosavuta pakona ya m'munsi, ndipo titasintha mphirawo nkhani inatha.

Kukakhala kulira kwa kwiii kosalekeza, ndiye kuti mota ya fani yatha pamene imazungulirapo. Ena amadontheza mafuta ophikira, koma amenewo amangomata fumbi. Isintheni motayo. Auzeni ajambule kachikalata ka nambala ya firiji komwe kamakhala pakhoma la mkati, kuti wokagula ku Limbe asabwere ndi ina.

Nanga chitseko chikatseguka koma phokoso nkupitirira? Pitani kuseri. Fani yachiwiri imakhala m'munsi, pambali pa kompuresa, chimphika chakuda chija, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa kutentha. Imayamba ndi kuima pamodzi ndi kompuresa, kotero phokoso lake limabwera nkupita. Azule pulagi kaye, amasule chivindikiro cha m'munsi, awunike ndi tochi. Mumapezeka fumbi, jumbo, mphemvu, nthawi zina chisa cha khoswe. Akasesa ndi kaburashi, azunguze mapiko ndi chala: akamalimba kapena kugwedera, mota yapita. Fani iyi siyozengereza nayo, chifukwa ikaima kompuresa imatentha kwambiri, ndipo mtengo wa kompuresa ndi nkhani ina.

Si firiji iliyonse yomwe ili ndi mafani awiriwa. Yomwe ili ndi nthambo zakuda kumsana konse nthawi zambiri ilibe fani ya m'munsi, ndipo yomwe imaundana madzi m'makoma a firiza ilibe ya mkati. Wina akakulipiritsani fani pa firiji yotereyo, mufunseni akuonetseni pamene inali.

Zokhwefuka sizivuta. Munthu asindikize ndi dzanja pamwamba, m'mbali, pa thireyi yolandira madzi yomwe imakhala pamwamba pa kompuresa. Pamene phokoso lasiyira ndi pomwepo. Mwina ndi mabotolo ogundana, mapoto osanjikidwa pamwamba, mapaipi awiri okhudzana, kapena mwendo umodzi wolendewera pa simenti yosalingana. Potokolani mwendowo mpaka ufike pansi, ndipo firiji isatsamire khoma.

Pali kulira kumodzi kosiyana ndi konseku: mmm kwa masekondi ochepa, kenako tha, nkubwerezanso pakapita mphindi zingapo, firiji osazizira. Imeneyo ndi kompuresa ikulephera kudzuka, mwina chifukwa kachipangizo koidzutsa kapsa, mwina magetsi abwera ofooka atazima. Azule pulagi, adikire mphindi 5, ayesenso kamodzi. Ikabwereza, aisiye yozimitsa ndipo aitane wokonza. Pa mlandu uwu wokha ndi pamene ine ndimatumiza ndalama osafunsa zambiri, nkuwonjezerapo ya kabokosi ka pa soketi komwe kamachedwetsa firiji kuyaka magetsi akangobwera.